Telala, muyezeni atakhala: buluku la munthu woyenda pa njinga ya aulumali

Pafupifupi buluku lililonse lomwe mungalipeze pa kaunjika kapena m'sitolo linadulidwa poganizira munthu woimirira. Nayenso telala wa pakhonde akafuna kukuyezani amati muime njo, tepi n'kuitsitsa kuchokera m'chiuno mpaka mu akakolo. Kwa munthu amene amakhala pampando kwa kanthawi n'kudzukanso, zimenezi sizivuta kwenikweni. Koma amene amayenda pa njinga ya aulumali amakhala kuyambira m'mawa mpaka kukagona, ndipo buluku lodulidwira woimirira limamuzunza tsiku lonse. Nthawi zina limamuvulaza ndithu.

Onani zomwe zimachitika munthu akakhala pansi. Chiuno chimapindika, mawondo n'kupindikanso. Mtunda wochokera m'chiuno kumbuyo, kuzungulira matako, kukafika pakati pa miyendo umatalika, pomwe wakutsogolo umafupika. Nsalu ya kumbuyo ikapelewera, buluku limatsetsereka n'kusiya msana ndi kabudula wamkati pamtunda. Kutsogolo nsalu imatsala yambiri, imaunjikana pamimba ndi m'mphechepeche, ndipo lamba amakanikiza mimba. Miyendo ya buluku imakwera chifukwa bondo lopindika limadya nsalu, akakolo n'kukhala pambalambanda. Chiuno ndi ntchafu nazo zimatambasuka munthu akakhala, kotero buluku lomukwana bwino ataligonera pabedi limamuthina akangokwera panjinga.

Ena angati zimenezi n'zamaonekedwe chabe. Ngakhale zikanakhala choncho, ine ndikanati n'zokwanira kuti tizilabadire, chifukwa palibe munthu wamkulu amene amafuna kupita ku ntchito, ku tchalitchi kapena ku ukwati msana uli pamtunda, n'kumapempha wina kuti amukokere buluku. Koma pali china choopsa kuposa manyazi.

Msoko womwe suumveka

Munthu akakhala, kulemera kwa thupi lake kumatsamira pa mafupa awiri a m'matako, aja mumawamva mukakhalitsa pa benchi louma. Akakhala mowetsa msana kapena motsetsereka, kulemera kwina kumapita pa kafupa ka kumapeto kwa msana ndi pa fupa lathyathyathya lomwe lili pamwamba pake. M'mbali muli mafupa a m'chiuno omwe amayandikana ndi zitsulo za njinga. Pamalo onsewa khungu ndi mnofu zimapanikizika pakati pa fupa ndi pokhalira. Timitsempha ta magazi tikatsekeka kwa nthawi yaitali, mnofu umayamba kufa, ndipo pamabuka chilonda.

Amene thupi lake limamva bwinobwino amasuntha yekha osadziwa n'komwe. Kakamubaya kanthu amatembenuka. Koma amene anavulala msana, kapena mwana wobadwa ndi vuto la msana, nthawi zambiri samva chilichonse kuchokera m'chiuno kupita kumunsi. Batani la thumba lakumbuyo likhoza kumudinda kuyambira m'mawa mpaka madzulo iye osazindikira. Chilonda chotere chimatha kuyamba m'maola ochepa, koma kuti chipole pamapita milungu kapena miyezi munthu atagona chafufumimba kapena cham'mbali, osakwera njinga yake, osapita ku sukulu kapena ku geni. Chikazama mpaka kufika pa fupa n'kulowa tizilombo, chimapha. Achipatala amalimbikira za khushoni yabwino ndi kudzinyamula pafupipafupi, ndipo akunena zoona. Chomwe chimaiwalika n'chakuti pakati pa khushoni ndi khungu pali nsalu, ndipo msoko wokhuthala umatha kuwononga ntchito yonse ya khushoni yodula.

Tengani jinzi muitembenuze, muipapase kumbuyo ndi chala. Msoko wapakati ndi wopindikiza, nsalu zinayi zitasanjikizana, ndipo umadutsa ndendende pamwamba pa kafupa ka kumapeto kwa msana kaja. Chapamwamba pali msoko wina wopingasa, ndipo pomwe iwiriyi yakumana pali kachotupa kolimba. Pamwamba penipeni pali kachingwe kodutsitsamo lamba, kosokedwa mobwerezabwereza. Matumba awiri ali pomwe munthu amakhalira, m'mphepete mwake mopindidwa, ndipo ena ali ndi timisomali tachitsulo kapena zokongoletsa. Buluku la suti limaoneka losalala, koma thumba lake lakumbuyo lili ndi batani ndi kansalu kamkati komwe kamapindikana munthu akamakhala.

Anthu anayamba kale kulingalira za vutoli. M'zaka za m'ma 1950 ku New York, mayi wina wokonza masitayilo a zovala, Helen Cookman, anagwira ntchito ndi dokotala Howard Rusk pachipatala chothandiza aulumali, n'kuyambitsa zovala zomwe ankazitcha Functional Fashions. M'zaka za m'ma 1970 kampani ya Levi's inatulutsa jinzi yotsatira nzeru zake, ya zipi zazitali m'mbali. Ku Toronto, m'dziko la Canada, Izzy Camilleri anayamba kusokera mtolankhani Barbara Turnbull, yemwe anafa ziwalo atawomberedwa ndi mbava mu 1983, ndipo mu 2009 anatsegula kampani ya IZ Adaptive yosoka zovala zodulidwira munthu wokhala. Zovala zotere ndi zodula ndipo sizifika m'misika mwathu. Koma nzeru yake si yachinsinsi, ndipo kuno tili ndi mwayi womwe ambiri kumaiko amenewo alibe: telala ali pafupi, ndipo amasoka chovala chimodzichimodzi poyeza mwini wake.

Kuyeza ndi kudula

Tiyerekeze bambo amene anavulala msana pangozi ya galimoto. Manja ake ndi amphamvu, amadziyendetsa yekha, koma samva kuchokera mumchombo kupita kumunsi. Akufuna buluku lopita nalo ku ntchito.

Ayezedwe atakhala pa njinga yake yeniyeni, pa khushoni yake, mapazi ali popondera, osati pa mpando wa telala kapena atagona. Telala amumange kachingwe kapena lastiki wopyapyala m'chiuno, pomwe mwini wake akufuna lamba azikhala, ndipo miyezo yonse iziyambira pa kachingweko. Kenaka bamboyo avale buluku lake lakale lomwe limamukwanako, akhale bwino, telala ayeze kusiyana kwa lamba wa bulukulo ndi kachingwe kaja. Tinene kuti kumbuyo pakati lamba wapelewera ndi masentimita 9, m'mbali wafika ndendende, ndipo kutsogolo nsalu yotsala, akaitsina ndi zala, yakwana masentimita 4. Manambala awiriwa ndiwo mutu wa ntchito yonse. Kwa akuluakulu ambiri, kumbuyo kumafuna kuwonjezera pakati pa masentimita 7 ndi 10, mainchesi atatu kapena anayi, koma tepi ndiyo iweruze. Munthu wonenepa, wowonda miyendo kapena wopindika msana amasiyana ndi mnzake.

Ngati akusoka latsopano, telala ayambire pa patani ya pepala. Pa chidutswa chakumbuyo ajambule mizere itatu yopingasa pamalo a matako, yotalikirana pang'ono, kuchokera pa msoko wapakati kukafika pa msoko wam'mbali. Adule motsata mizereyo kuyambira pakati, koma asiye kansonga kosadula m'mbali kuti pepala lisalekane. Mzere uliwonse autsegule masentimita 3 chapakati, amatire pepala lina pansi, ndipo asalaze mzere wa msoko kuti ukhote bwino. Atatu atatu katatu akwana 9 aja. Kutsegula malo atatu n'kwabwino kuposa kutsegula malo amodzi masentimita onse 9, chifukwa nsalu imazungulira thupi mosalala popanda kutukumuka. Pa chidutswa chakutsogolo achite mosemphana: adule mizere iwiri pansi pa lamba, koma m'malo motsegula asanjikize pepala masentimita 2 pa mzere uliwonse.

Chinsinsi chake n'chakuti msoko wam'mbali usasinthe kutalika, kuti kutsogolo ndi kumbuyo kukumane bwino. Apa ndi pomwe atelala ambiri amaphonya. Akauzidwa kuti kumbuyo kutalike, amangokweza lamba mozungulira monse, ndipo kumbuyo kukaphimbika, kutsogolo lamba amafika m'nthiti. Buluku lodulidwa bwino mukalipachika limaoneka lopotoka, kumbuyo kwatali, kutsogolo kwakufupi, ngati lakhala kale pampando. Telala asachite nalo manyazi. Limaoneka bwino mwini wake akalivala.

Chiuno ndi ntchafu ziyezedwenso munthu atakhala, ndipo pasiyidwe mpata woti zala ziwiri zilowe pakati pa lamba ndi mimba. Mwendo uyezedwe m'mbali, tepi ikutsata thupi: kuchokera pa kachingwe, kutsika, kukhota m'chiuno, kudutsa pa bondo lopindika, mpaka pomwe mpendero uyenera kugwa pa nsapato. Kawirikawiri muyezowu umaposa wa woimirira ndi masentimita 5 kapena kuposerapo. Kuseri kwa bondo nsalu imaunjikana, ndipo telala waluso amachotsako pang'ono pamenepo n'kuika timadati tiwiri kutsogolo kwa bondo kuti nsalu ikhote yokha. Mpendero ukhale wotakasuka, chifukwa mapazi a munthu wokhala tsiku lonse amatupa madzulo, ndipo ena amavala thumba la mkodzo pa mwendo.

Tsono msoko wapakati uja. Usokedwe wamba, nsalu ziwiri zokha, m'mphepete mwake atambasule mbali ziwiri n'kusita bwino kuti ugone. Ena amatulutsa m'mphepetemo kunja n'kusokerera kuti mkati musalale. Koma kumbukirani kuti kulemera kwa thupi kumadinda chilichonse chokhuthala, kaya chili mkati kaya kunja kwa nsalu, kotero chofunika kwambiri ndi kuchepetsa nsalu zosanjikizana. Kwa munthu amene anadwalapo kale chilonda pamalopo, ndi bwino kuuchotseratu msokowo: mbali yokhalira idulidwe ngati nsalu imodzi, misoko isunthidwire m'mbali kutali ndi mafupa. Matumba akumbuyo asakhalepo. Kachingwe ka lamba ka pakati kachoke, m'malo mwake pakhale tiwiri chakumbali, ndipo kansalu ka dzina la kampani kadulidwe. Matumba am'mbali nawo sathandiza wokhala, chifukwa dzanja sililowa ndipo foni imagwa kapena kukanikiza chiuno. Thumba lisokedwe pamwamba pa ntchafu kapena m'mbali mwa mwendo pansi pa bondo.

Nanga la pa kaunjika? Limatheka kukonzedwa, bola mugule lokulirapo saizi imodzi, la miyendo yaitali, lansalu yofewa. Telala amasule matumba akumbuyo mosamala n'kuchotsa ulusi wonse wotsalira. Amasule lamba kumbuyo kuchokera pa msoko wam'mbali kufika winawo, adule kansalu kooneka ngati mwezi wongotuluka kumene, kotalika masentimita 9 pakati, n'kuwonjezerapo kosokera pamwamba ndi pansi, n'kumacheperachepera mpaka kuthera m'mbali. Akasokerere pamenepo n'kubwezeretsa lamba pamwamba pake. Kutsogolo amasulenso lamba, achotse nsalu yotsala ija, afupikitse zipi ngati pakufunika. Vuto la njira imeneyi n'lakuti imabweretsa msoko watsopano wopingasa, ndipo ukagwera pa fupa lathyathyathya lija mwangosamutsa ngozi. Musanasoke, gwirizitsani kansaluko ndi ulusi wongodutsitsa, mwini wake avale, mupapase pomwe msokowo wagona. Musayese ndi mapini pa munthu amene samva.

Nsalu yake ikhale ya thonje kapena yosakaniza ndi thonje, yotamuka pang'ono ngati ipezeka. Nsalu zonga nayiloni zimasunga thukuta, ndipo khungu lonyowa limanyuka msanga, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Yoterera kwambiri imachititsa munthu kutsetsereka pa khushoni, ndipo kutsetserekako kumakoka khungu mbali ina fupa likupita kwina, zomwe zimang'amba mnofu mkati.

Zotsekera

Zotsekera zimasankhidwa poona zinthu ziwiri: mphamvu ya zala za mwini chovala, ndi momwe amadzithandizira. Bambo wathu uja amatulutsa mkodzo ndi kapaipi kangapo patsiku. Zipi wamba ndi yaifupi, moti amayenera kutsitsa buluku lonse, ntchito yotopetsa kwa munthu wokhala. Telala akaika zipi yaitali yofika pomwe misoko ya miyendo imakumana, bamboyo amadzithandiza ali panjinga pomwepo. Kuseri kwa zipiyo kukhale kansalu kotchinga kuti mano ake asakhudze khungu. Kwa amayi, ndi kwa amene amavekedwa ndi wina atagona, zimathandiza kuika zipi m'mbali zonse ziwiri, kuchokera m'chiuno kufika pakati pa ntchafu, kuti kutsogolo kuzitseguka konse. Zipizo zisakhale pa msoko wam'mbali penipeni, pomwe pali fupa la m'chiuno ndi chitsulo cha njinga. Zisunthidwire kutsogolo masentimita atatu kapena anayi.

Kwa wofooka zala, kogwirira ka zipi n'kakang'ono kwambiri. Kolowekanipo mphete ya makiyi kapena kachingwe kozungulira, kuti chala chimodzi chizikola n'kukoka. Tizingwe tiwiri tolimba tosokerera m'mbali mwa lamba timathandiza munthu kukweza buluku akudzigubuduza pabedi, kuno ndi uko. Batani la m'chiuno lilowedwe m'malo ndi ngowe yaikulu yathyathyathya kapena velikuro, zomata zija zimalira pomatula. Velikuro ndi yosavuta, koma ili ndi makhalidwe ake. Mbali yokanda iziyang'ana kunja, kutali ndi thupi, ndipo ngodya zake zidulidwe mozungulira. Tizidutswa tatifupi ta masentimita 4 kapena 5 timagwira bwino kuposa mzere wautali, womwe umauma gwa n'kumatukula nsalu munthu akakhala. Pochapa muziimata kaye, apo ayi imatola ulusi n'kuleka kugwira. Pa shati, mabatani akhoza kusokerera pamwamba kuti aziwoneka, velikuro ili kunsi. Kunja kukugulitsidwa mashati otsekera ndi maginito, koma amene anaikidwa kachipangizo kothandiza mtima kugunda ayambe wafunsa dokotala, chifukwa maginito amakasokoneza.

Lastiki kumbuyo kwa lamba amathandiza kuti buluku ligwire msana, koma akhale wotakata, wa masentimita atatu kapena anayi, ndipo asakokedwe kwambiri. Wopyapyala amadula khungu ndipo amakwinyitsa nsalu. Chovala chothina chili ndi ngozi inanso kwa amene anavulala msana chapamwamba, kuyambira pakati pa chifuwa kupita kukhosi. Chinthu chikamafinya kumunsi komwe samva, magazi amatha kuthamanga mwadzidzidzi: mutu umawawa kwambiri mogunda, nkhope imatuluka thukuta. Zikatero mukhazikeni tsonga, mumasuleni lamba ndi chilichonse chothina, onani ngati kapaipi ka mkodzo kapindika, ndipo zikapanda kuleka msanga thamangirani naye kuchipatala.

Zakumtunda ndi zitenje

Pa jekete nkhani ya kutalika kwa kumbuyo imatembenuka. Jekete wamba ndi lalitali, munthu amalikhalira, limakwinyika pansi pake ndipo limamukoka m'khosi akafuna kuwerama. Lidulidwe kuti kumbuyo lithere pomwe thupi lakumana ndi khushoni, ndipo kutsogolo lifupike kuti lisaunjikane pa ntchafu. Pamapewa pakhale potakasuka, mwina ndi kapindo pakati pa msana, chifukwa wopalasa njinga amatambasula manja kutsogolo ndi kumbuyo tsiku lonse. Mikono isatalike kufika pa matayala, chifukwa imada ndi kutha msanga. Shati yopisira ndiyo imafuna mchira wautali, koma opisirayo ausalaze bwino.

Siketi ndi diresi zimatsata lamulo la buluku: kumbuyo kwa chiuno kutalike, zipi ichoke kumbuyo, ndipo kutalika kuyezedwe mayiyo atakhala kuti mawondo aphimbike. Yotambalala kwambiri imakodwa m'masipoko ndi m'timatayala takutsogolo. Chitenje chili ndi ubwino woti ndi thonje ndipo chilibe msoko pokhalira, koma chatsopano chimakhala cholimba, choncho chichapidwe kaye. Mfundo yake ikhale kutsogolo, ndipo pokhalira pakhale nsalu imodzi yosalala, osati mapindo.

Kuyesa chovala chatsopano

Ngakhale telala atasoka mwaluso chotani, woweruza womaliza ndi khungu. Tsiku loyamba buluku latsopano livalidwe ola limodzi lokha. Munthu akakwera panjinga, iye kapena womuthandiza alowetse dzanja kunsi n'kusalaza makwinya onse. Ola likatha avule, agone cham'mbali, ayang'ane ndi kalilole kapena womusamalira amuone pamalo powala: pa mafupa awiri a m'matako, kumapeto kwa msana, m'mbali mwa chiuno, m'mphechepeche ndi kuseri kwa mawondo.

Mabuku ambiri amati muziyang'ana kufiira, koma pa khungu lakuda kufiirako sikuoneka bwino, ndipo ambiri amazindikira mochedwa chifukwa cha zimenezi. Yang'anani malo omwe ada kuposa pozungulira, kapena omwe akunyezimira. Papaseni ndi kuseri kwa dzanja: kodi patentha kapena pazizira kuposa pena, palimba, patupa, kapena pafewa modabwitsa? Chidindo cha msoko chomwe chazimiririka pasanathe mphindi 30 si choopsa, ngakhale chikukuuzani pomwe telala ayenera kukonza. Chikakhalapobe mphindi 30 zitadutsa, ndiye kuti chilonda chayamba, ngakhale khungu lisanang'ambike. Musapatikite, ndipo munthuyo asakhalirepo mpaka pabwerere mwakale. Pakapanda kusintha pofika mawa lake, kapena pakatuluka thuza, kaonaneni ndi achipatala. Bulukulo libwerere kwa telala, ndipo pamalo pomwe lavulaza palembedwe ndi choko mwini wake atalivala, kuti telalayo adziwe msoko weniweni woti amasule.

Khungu likakhala bwino, mawa lake avale maola awiri, kenaka anayi, mpaka tsiku lonse. Buluku likapambana mayeso amenewa, pemphani telala akupatseni patani yake ya pepala, kapena aikope pa katoni, alembepo dzina ndi tsiku loyezera. Mabuluku otsatira azidulidwa pa imeneyo. Koma thupi likasintha, kaya munthu wanenepa, wawonda, kapena walandira njinga kapena khushoni ina, ayezedwenso, chifukwa kakhalidwe kake kamakhala kasintha ndipo misoko imagwera pamalo ena.